Msungichuma, Musanapite ku Komiti: Kufananitsa Sitetimenti ndi Buku la Ndalama

M'makalabu ambiri a alimi, m'mabungwe a amayi, m'makomiti a mijigo ngakhalenso m'magulu a kumpingo, lipoti la chuma la miyezi itatu limatha mwachangu kwambiri. Msungichuma amaimirira n'kunena kuti zolowa zinali zakutizakuti, zotuluka zakutizakuti, ndipo kubanki kwatsala zakutizakuti. Wapampando amafunsa ngati alipo wa funso, anthu n'kuyang'anana, wina n'kunena kuti avomereze, m'manja n'kuombedwa. Pamenepo komiti yavomereza chinthu chimene palibe wachiona. Mfundo ya kabuku kano ndi imodzi: msungichuma asabweretse lipoti ku komiti asanaike sitetimenti ya kubanki pambali pa buku lake la ndalama ndi malisiti, n'kuzifananitsa mzere ndi mzere mpaka kusiyana kulikonse kutapezeredwa chifukwa chake. Nambala imene ili pansi pa sitetimenti siinena zonse, ndiponso nambala ya m'buku siinena zonse. Chimene komiti iyenera kuvomereza ndi umboni wakuti nambala ziwirizi zikugwirizana, ndipo pamene sizikugwirizana, chifukwa chake chalembedwa poyera.

Zoyenera kukhala patebulo

Ntchitoyi imayamba ndi kusonkhanitsa mapepala, ndipo ambiri amalakwitsira pomwepa. Pakufunika sitetimenti ya miyezi itatu yonse, kuyambira tsiku loyamba la mwezi woyamba kufika tsiku lomaliza la mwezi wachitatu. Kapepala kakang'ono kamene kamatuluka pa makina otapira ndalama kamangoonetsa zochitika zochepa zomaliza, ndipo uthenga wa pafoni umangonena ndalama zotsala, choncho zonsezi sizingalowe m'malo mwa sitetimenti. Kaya akaunti yanu ili ku National Bank, NBS, FDH, Standard Bank kapena banki ina, pemphani sitetimenti yathunthu, ndipo ngati yasindikizidwa ku nthambi, ikhale ndi chidindo cha banki. Mukailandira, musathamangire ku manambala. Onani kaye dzina la kalabu ndi nambala ya akaunti, masiku amene ikuyambira ndi kuthera, komanso ngati masamba onse alipo. Ndalama zotsala pansi pa tsamba loyamba zikhale zomwezo zimene tsamba lachiwiri likuyambira. Tsamba limodzi likasowa, ndalama zikhoza kutuluka ndi kubwerera mkati mwa masiku a tsamba limenelo popanda wodziwa. Pambali pa sitetimenti muike buku la ndalama, buku la malisiti lokhala ndi makope otsala, masilipi oikira ndalama kubanki, malisiti a zogula, kaundula wa mamembala, ndi buku la mlembi momwe muli mfundo zimene komiti inagwirizana. Lipoti la miyezi itatu yapitayo likhaleponso, chifukwa funso loyamba likuchokera m'menemo.

Funsolo ndi ili: kodi ndalama zimene tikuyambira nazo ndi zomwe tinatsekera nazo ulendo watha? Ngati komiti inavomereza kuti pa 30 Juni kubanki kunali K820,000, ndiye kuti buku liyambe pa 1 Julayi ndi K820,000, ndipo mzere woyamba wa sitetimenti unene zomwezo. Zikasiyana pamenepa, imani. Palibe phindu lopitiriza kuwerengera miyezi itatu yatsopano pamwamba pa nambala yolakwika, chifukwa cholakwacho chidzayenda nanu mpaka kumapeto ndipo mudzachifunafuna pamalo pamene sichili. Kawirikawiri kusiyana kwa pachiyambi kumabwera chifukwa zokonza za ulendo watha zinangonenedwa pakamwa pamsonkhano osalembedwa m'buku, kapena chifukwa msungichuma watsopano analandira buku popanda kuwerengetsana ndi amene anatula pansi udindo.

Chitsanzo cha kalabu ya ulimi wa mthirira

Tiyerekeze kalabu ya alimi 40 a mthirira, amene aliyense amasonkha K5,000 pamwezi. Manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza, kuphatikizapo zimene banki yadula, koma kayendetsedwe kake ndi komwe mungatsate pa kalabu yanu. Buku la msungichuma likuonetsa kuti pa 1 Julayi kubanki kunali K820,000. Iye analemba kuti anakaika K190,000 mu Julayi, K185,000 mu Ogasiti ndi K180,000 mu Sepitembala, zonse pamodzi K555,000. Kumbali ya zotuluka analemba K340,000 ya feteleza, K96,000 yokonzetsera pampu, ndi K60,000 imene anatapa kuti ikhale m'bokosi la zogula zing'onozing'ono. Zotuluka zonse ndi K496,000, choncho buku likuti pa 30 Sepitembala kubanki kwatsala K879,000. Sitetimenti itabwera, mzere wake womaliza ukunena K735,800. Zasiyana ndi K143,200.

Msungichuma wamantha akaona kusiyana kotere amachita chimodzi mwa ziwiri. Mwina amabisa sitetimenti n'kuwerenga za m'buku zokha, kapena amafufuta nambala ya m'buku n'kulembapo ya banki, poganiza kuti banki ndiye ikudziwa bwino. Njira zonse ziwiri n'zolakwika, ndipo yachiwiriyo ndi yoopsa kwambiri chifukwa imaoneka ngati yachilungamo. Njira yoyenera ndi kutenga pensulo, kuwerenga mzere woyamba wa sitetimenti, kuufuna m'buku, ndipo ukapezeka ndi ndalama zofanana, kuchonga mbali zonse ziwiri. Mupitirire chomwecho mpaka mzere womaliza. Zikatha, ntchito yeniyeni ili pa mizere imene yatsala yosachongedwa. Ya pa sitetimenti ndi zinthu zimene banki ikudziwa koma inu simunalembe. Ya m'buku ndi zinthu zimene inu munalemba koma banki sinazione.

M'chitsanzo chathu, m'buku mwatsala mzere wa K180,000 wa Sepitembala. Msungichuma analemba kuti ndalamazi zinapita kubanki pa 30 Sepitembala, koma silipi ili ndi chidindo cha pa 1 Okutobala. Anazilemba madzulo atatsimikiza zopita m'mawa mwake. Palibe ndalama yasowa, koma pa tsiku lotsekera ndalamazo zinali m'manja mwake, sizinali kubanki, ndipo lipoti linene zoona zimenezo. Tikachotsa K180,000 pa K879,000 patsala K699,000. Pa sitetimenti patsala mizere ina yosachongedwa. Pali K15,000 imene inalowa mu Ogasiti kuchokera pa foni. Atafunsa, msungichuma wapeza kuti membala wina amene anali paulendo analipira masonkho ake a miyezi itatu molunjika ku akaunti osauza aliyense. Ndalamazi zilembedwe m'buku, membalayo apatsidwe lisiti, ndipo buku lifike pa K714,000. Palinso K2,300 ya chiwongoladzanja chimene banki inawonjezera, buku n'kufika pa K716,300. Kenako pali K2,500 imene banki inadula mwezi uliwonse posamalira akaunti, yonse K7,500, ndipo tikaichotsa buku likuima pa K708,800.

Sitetimenti ikunenabe K735,800. Patsala K27,000 yosadziwika, ndipo ulendo uno banki ili ndi zambiri kuposa buku. Apa pali njira yakale ya owerengera ndalama imene msungichuma aliyense ayenera kuidziwa. Tengani kusiyanako mukugawe ndi 9. Kukagawika popanda chotsala, kayikirani kuti penapake manambala awiri anasinthana malo polemba, monga 45 kulembedwa 54 kapena 170 kulembedwa 710, chifukwa kusinthana kotere nthawi zonse kumabala kusiyana kogawika ndi 9. K27,000 tikaigawa ndi 9 ikupereka 3,000 ndendende. Tikabwerera ku mizere ya zotuluka, tipeza kuti banki inatulutsa K69,000 ya pampu pamene buku likuti K96,000. Diso lotopa limachonga mzere wotere chifukwa manambala ake ndi omwewo. Koma musafulumire kukonza buku. Tsegulani lisiti la makaniko. Ngati likunena K69,000, ndiye kuti dzanja linaterereka polemba, ndipo tikabweza K27,000 m'buku lifika pa K735,800, chimodzimodzi ndi sitetimenti. Lisitilo likanakhala la K96,000, nkhani ikanakhala ina. Zikanatanthauza kuti mwina makaniko akudikirabe K27,000 yake, kapena analipidwa ndi ndalama zochokera kwina zimene sizinalembedwe. N'chifukwa chake mapepala awiri sakwanira. Buku ndi sitetimenti zikatsutsana, lisiti ndilo limaweruza.

Pali njira inanso yofanana nayo. Kusiyana kukakana kugawika ndi 9, kugaweni pawiri, n'kufuna mzere wa ndalama zimenezo. Ndalama zolowa zikalembedwa molakwika kumbali ya zotuluka, kusiyana kumakhala kowirikiza kawiri: K8,000 yolembedwa mbali yolakwika imasokoneza buku ndi K16,000. Zikakanikabe, werengeraninso mizere yonse kuyambira pamwamba, kenako kuyambira pansi, chifukwa munthu akamawerengera mbali imodzimodzi amabwereza cholakwa chomwecho. Ndipo pokonza buku musafufute kapena kupaka utoto woyera. Dulani nambala yolakwika ndi mzere umodzi woti iziwerengekabe, lembani yolondola pambali, n'kusainapo ndi tsiku. Tsamba lofufutidwafufutidwa limadzutsa mafunso ngakhale palibe chimene chabedwa.

Zimene sitetimenti singakuuzeni

Buku ndi sitetimenti zagwirizana, koma ntchito sinathe. Sitetimenti imanena za ndalama zimene zinafika kubanki. Siidziwa kanthu za ndalama zimene zinayenera kufika koma sizinafike, ndipo ndalama zambiri za m'makalabu zimasowera pakati pa dzanja la membala ndi khomo la banki. Choncho bwererani ku kaundula. Mamembala 40 osonkha K5,000 kwa miyezi itatu ayenera kupereka K600,000. Zolandiridwa ndi K555,000 kuwonjezapo K15,000 ija ya pa foni, zonse K570,000. Ndiye kuti K30,000 sinalowe, ndipo msungichuma ayenera kutchula mayina a amene sanalipire ndi miyezi yake, mpaka ndalama za mayinawo zitakwana K30,000 ndendende. Mayina akangokwana K20,000, ndiye kuti alipo anthu amene analipira K10,000 imene sinalembedwe. Onaninso manambala a malisiti m'buku la makope. Ayenera kutsatana, 101, 102, 103, osadumpha. Lisiti lolakwika lisang'ambidwe. Lilembedwe kuti lathetsedwa n'kusiyidwa momwemo pamodzi ndi kope lake, chifukwa tsamba long'ambidwa silingasiyanitsidwe ndi lisiti limene linaperekedwa kwa munthu ndalama zake n'kulowa m'thumba.

Masiku nawo ali ndi chonena, ndipo apa mpofunika kuchedwapo. Fananitsani tsiku limene ndalama zinatoleredwa ndi tsiku limene zinafika kubanki. M'chitsanzo chathu, ngati msonkhano wotolera unali pa 27 Sepitembala ndipo ndalama zinaikidwa pa 1 Okutobala, palibe chodabwitsa kwa kalabu ya kumudzi imene banki yake ili kuboma. Koma masonkho a kumayambiriro kwa Julayi akamafika kubanki pakati pa Ogasiti, a Ogasiti n'kufika kumapeto kwa Sepitembala, pali vuto ngakhale manambala onse akugwirizana. Umu ndi momwe kudzibwereka mwakachetechete kumaonekera. Munthu amatenga za mwezi uno kukagulira katundu wa geni kapena kulipirira mwana fizi, n'kutseka dzenjelo ndi za mwezi wamawa, ndipo dzenjelo limangosunthira kutsogolo mpaka tsiku limene lidzakule kuposa masonkho a mwezi umodzi. Ambiri amene amachita zimenezi sayamba ndi mtima wakuba, amati abweza Lachisanu. Mankhwala ake ndi lamulo lolembedwa la kalabu lonena masiku amene ndalama zingagone m'nyumba ya munthu, komanso kuti lipoti lizionetsa masiku onse awiri pambali pa ndalama iliyonse yoikidwa kubanki.

Kumbali ya zotuluka, mzere uliwonse uyankhe mafunso atatu: ndani analoleza, ndani analandira, ndipo chinagulidwacho chili kuti. K340,000 ya feteleza ipezeke m'buku la mlembi kuti komiti inaivomereza pa msonkhano wakuti. Lisiti likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, chiwerengero cha matumba ndi mtengo wa thumba limodzi, ndipo mukachulukitsa ziwirizo zikwane K340,000. Kenako pakhale mndandanda wa amene analandira fetelezayo atasaina kapena kudinda chala, ndipo matumba otsala awerengedwe m'nyumba yosungiramo. Lisiti palokha ndi umboni wofooka, chifukwa mabuku a malisiti amagulitsidwa m'misika ndipo aliyense akhoza kulembamo zimene wafuna. Limakhala ndi mphamvu likagwirizana ndi mfundo ya komiti kumbuyo kwake ndi katundu wooneka ndi maso kutsogolo kwake. Samalaninso ndi ndalama zotapidwa zokhala ndi manambala osalala, monga K100,000 kapena K200,000, zimene malisiti ake akaphatikizidwa sakwana. Chenji chake chiyenera kuoneka chikubwerera, kaya m'bokosi kaya kubanki.

Bokosi liwerengedwe ndi manja pamaso pa munthu wina. M'chitsanzo chathu munalibe kanthu pa 1 Julayi, kenako munalowa K60,000. Malisiti a zolembera, mafuta a pampu ndi zina akukwana K38,000, choncho muyenera kupezeka K22,000. Atawerenga apeza K19,000. Msungichuma akukumbukira kuti K3,000 anapatsa mlembi ya kabaza popita ku ofesi ya alangizi, ndipo wakabaza sapereka lisiti. Zimenezi zimachitika, ndipo sikoyenera kukana ndalama iliyonse yopanda lisiti la sitolo. Koma kukumbukira si umboni. Palembedwe kapepala ka kalabu konena tsiku, ulendo ndi ndalama, mlembi asaine kuti analandira, wapampando asaine kuti ulendowo unalidi wa kalabu. Mlembi akakana kuti sanalandire, K3,000 ilembedwe mu lipoti kuti yasowa, komiti igamule. Isamizidwe m'mzere wa "zina ndi zina", umene m'mabuku ambiri umanenepa chaka ndi chaka popanda wofunsa.

Makalabu ambiri tsopano amatolera masonkho kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Foni yotere ionedwe ngati akaunti yachiwiri, yokhala ndi tsamba lakelake m'buku ndi kufananitsa kwakekwake. Vuto lalikulu limabwera nambala ikakhala ya msungichuma mwini, momwe mumalowanso ndalama za kubanja kwake ndi za geni yake. Zikasakanikirana chonchi palibe angazilekanitse, ngakhale mwini wakeyo. Kalabu ikhale ndi nambala imene siigwira ntchito ina iliyonse, ndipo mndandanda wa zochitika zake upemphedwe ku ofesi ya kampani ya foniyo miyezi itatu iliyonse. Membala akanena kuti watumiza n'kukuonetsani uthenga pa foni yake, musalembe lisiti musanaone kuti ndalamazo zalowadi kumbali yanu, pakuti mauthenga abodza onena kuti ndalama zatumizidwa ndi njira imene akuba a pa foni amaigwiritsa ntchito kwambiri. Kumbukiraninso kulemba zimene zimadulidwa potumiza ndi potapa kwa ejenti. Ndi ndalama zing'onozing'ono, koma zikapanda kulembedwa foni siidzagwirizana ndi buku mpaka kalekale. Ndipo ndalama zochoka pa foni kupita kubanki si zolowa zatsopano. Zangosamuka, ndipo mukazilemba kawiri kalabu idzaoneka yolemera kuposa mmene ilili.

Zonse zikatha, lipoti la kalabu yathu likhoza kudziyesa lokha. Tinayamba ndi K820,000. Zolowa ndi masonkho K570,000 ndi chiwongoladzanja K2,300, zonse pamodzi ndi zoyambira K1,392,300. Zotuluka ndi feteleza K340,000, pampu K69,000, zodula za banki K7,500 ndi za m'bokosi K41,000, zonse K457,500. Patsala K934,800. Ndalamazi zikupezeka pamalo atatu: K735,800 kubanki, K180,000 imene inali m'manja n'kuikidwa pa 1 Okutobala, ndi K19,000 m'bokosi. Mukaziphatikiza zikukwana K934,800. Taonani kuti K60,000 yotapidwa ija sinalembedwe ngati yagwiritsidwa ntchito yonse, chifukwa K19,000 ikadalipo. Pansi pa lipoti palembedwenso mizere iwiri imene siili pa sitetimenti: K30,000 imene mamembala akuyenera kupereka, ndi ngongole iliyonse imene kalabu sinabweze. Komiti imene yamva kuti pali K934,800 osauzidwa kuti gawo lina ndi la wogulitsa mbewu amene akudikira malipiro ake, idzagawa ndalama zimene si zake.

Zimene anthu amanena potsutsa

Chotsutsa chimene chimamveka kwambiri ndi chakuti m'kalabu anthu ndi pachibale kapena amapemphera mpingo umodzi, ndipo kufuna malisiti ndi masitetimenti kuli ngati kumunena munthu kuti ndi wakuba. Nkhawayi ndi yeniyeni, chifukwa msungichuma amasankhidwa kaamba ka mbiri yake yabwino ndipo amagwira ntchito popanda malipiro. Koma chitsanzo chathu chikuyankha chokha. Munalibe wakuba m'menemo, komabe buku linasiyana ndi banki ndi K143,200. Kusiyana kotere kukanadzatulukira patapita chaka, msungichumayo sakanakumbukiranso za silipi ya pa 1 Okutobala kapena manambala a pampu, ndipo mudzi wonse ukanati wadya ndalama. Munthu woyamba kutetezedwa ndi kufananitsaku ndi msungichuma wachilungamo. Chimene chimanyoza ndi kufufuza munthu pokhapokha akakayikiridwa. Kufufuza kukakhala kwa miyezi itatu iliyonse, kwa aliyense wokhala pa udindowo, kolembedwa m'malamulo a kalabu, sikuloza munthu chala.

Ena amati banki siilakwitsa, ndiye bwanji osangokopera zimene yanena. N'zoona kuti makina a banki salakwitsa kuphatikiza manambala. Koma ndalama za munthu wina zikhoza kulowa mu akaunti yanu wotumiza akalakwitsa nambala, ndipo tsiku lina zidzafunidwa. Zanu nazo zikhoza kulowa kwina, ndipo zodula zina zikhoza kubwerezedwa. Mzere uliwonse umene simukuudziwa mukaufunse ku nthambi ndi kalata, n'kusunga kope lake, ndipo muchite zimenezi msanga pamene masilipi akadali pafupi. Kuposa pamenepo, taona kale kuti banki siingadziwe za masonkho amene sanaifikire kapena feteleza amene sanagulidwe. Palinso amene amadandaula kuti sitetimenti imalipitsidwa ndipo ulendo wa kuboma ndi wodula. Dandauloli n'lomveka, makamaka kwa kagulu kakang'ono. Yankho lake ndi kuphatikiza ulendo wotenga sitetimenti ndi woika ndalama za mwezi wotsatira, kufunsa banki ngati ingamatumize sitetimenti pa foni kapena pa imelo, ndi kuika mtengo wake mu bajeti ya chaka monga mmene mumaikiramo buku la malisiti. Kalabu imene yasunga K800,000 koma ikuumira ndalama ya sitetimenti kanayi pachaka ikuika pangozi chachikulu pofuna kupulumutsa chaching'ono.

Nanga kusiyana kukakhala kochepa, monga K500? Ambiri amati musiyeni, tisataye nthawi. Vuto ndi lakuti kusiyana kochepa kukhoza kukhala chotsala cha zolakwa ziwiri zazikulu zoyang'ana mbali zosiyana. K40,000 yolowa imene sinalembedwe ndi K40,500 yotuluka imene sinalembedwenso zimasiya kusiyana kwa K500 kokha, pamene pansi pake pali mizere iwiri yaikulu yosadziwika. Kuchonga mzere ndi mzere ndiko kumaulula zimenezi. Ngati mizere yonse yachongedwa, malisiti onse aonedwa, ndipo K500 ikusowabe, komiti ikhoza kugamula kuti ilembedwe ngati yotayika. Koma chigamulocho ndi cha komiti, chilembedwe m'buku la mlembi, osati cha msungichuma payekha usiku kunyumba kwake. Amene amati zonse zidzaonedwa ndi oditala kumapeto kwa chaka akumbukire kuti makalabu ambiri ang'onoang'ono saona oditala n'komwe, ndipo kumene amabwera, monga m'makopaletivi olembetsedwa, iye amagwira ntchito ndi mapepala omwewa. Akawapeza osalongosoka sangalenge amene anasowa miyezi khumi yapitayo.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse ndi ichi: ngati msungichuma ndiye akudzifufuza yekha, phindu lake n'chiyani, popeza wosakhulupirika akhoza kukonza pepala looneka bwino? Zimenezi n'zoona, ndipo ndiwo malire a zonse zanenedwa pamwambapa. Kufananitsa kochitidwa ndi munthu mmodzi kumagwira zolakwitsa, koma sikugwira chinyengo cha munthu yemweyo. Sitetimenti yokopedwa pa makina kapena yotumizidwa ngati chithunzi ikhoza kusinthidwa manambala. Choncho ntchitoyi iyenera kutsirizidwa ndi anthu ena. Komiti isankhe mamembala awiri odziwa kuwerenga amene sasainira kubanki, sagwira ndalama, ndiponso si achibale apafupi a msungichuma. Iwowa alandire pepala lofananitsira masiku angapo msonkhano usanachitike, aone sitetimenti yeniyeni ya chidindo, asankhe okha mizere ingapo n'kuitsata mpaka pa lisiti ndi pa katundu, afunse mamembala awiri kapena atatu amene alembedwa kuti sanalipire ngati n'zoonadi, ndipo awerenge bokosi. Mmodzi wa osainira, osati msungichuma, akatsimikize ndalama zotsala kubanki payekha kapena azilandira nawo mauthenga a akauntiyo pa foni yake. Ndipo wosainira aliyense akane kusaina pepala lotapira ndalama lisanalembedwe, ngakhale atamuuza kuti n'zofulumira, chifukwa masiginecha awiri sateteza kanthu ngati imodzi inaikidwa pa pepala lopanda nambala.

Pa tsiku la msonkhano bwerani ndi lipoti la tsamba limodzi, pepala lofananitsira losainidwa ndi inu pamodzi ndi oona awiri aja, sitetimenti yeniyeni, ndi mndandanda wa amene sanalipire komanso ngongole za kalabu. Werengani mokweza m'chinenero chimene mamembala onse akumva, ndipo mapepalawo ayende m'manja mwa anthu. Ngati pali mzere umene simunaupezere yankho, unenereni inu eni musanafunsidwe, ndipo pemphani komiti kuti ichedwetse kuvomereza kapena ivomereze zina zonse kupatula mzerewo, n'kuika tsiku lodzamvera yankho lake. A wapampando, musaitanitse chivomerezo musanaone ndi maso anu kuti nambala ya pansi pa sitetimenti ndi yomwe ili pa lipoti.